Kuwerenga kokonzekera intavyu ya sikolashipu ndi eseyi: yambani ndi funso limodzi la kwanu

Chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka kunyumba kwanga kuno ku Mangochi kumabwera ana awiri atatu, ena ndinawaphunzitsapo ena angomva kwa anzawo, ndipo funso lawo limakhala lomwelomwelo, aphunzitsi ndiwerenge chani kuti ndikakhoze intavyu ya sikolashipu. Ambiri amabwera atayamba kale kuwerenga, kope lodzaza ndi mayina a nduna, malikulu a mayiko, zolinga 17 za chitukuko zija za UN ataloweza ndondomeko yake bwinobwino. Ndimamva chisoni ndikaona kope lotero chifukwa mwanayo wakhetsa thukuta zenizeni, koma wakonzekera mpikisano wa mafunso wa pa wailesi, pomwe anthu amene akukakumana nawo sakukamufunsa zimenezo. Iwo akufuna kumva ngati pali chinthu chimodzi chimene iye amachidziwa mpaka pansi, ndipo ngati chinthucho chikugwirizana ndi kosi imene akupempha.

Ndiye ndilemba njira imene ndimawayendetsa, ndipo ndigwiritsa ntchito nkhani ya mtsikana wina wa cha kwa Chimwala, kufupi ndi nyanja ya Malombe, amene mayi ake amagula kambuzi kudoko n'kumayanika. Iyeyu ankapempha sikolashipu ya digiri yoyamba ya zausodzi ndi ulimi wa nsomba ku yunivesite ina ya kunja. Tinali ndi masabata 6. Ndinene kaye kuti ngati mukungofuna malo ku mayunivesite a boma athu kuno, omwe kasankhidwe kake kamadzera ku NCHE, nkhani yaikulu ndi mapointi anu a MSCE ndi maphunziro amene munakhoza. Zimene ndikulembazi ndi za amene afunsidwa kulemba eseyi, chimangirizo chonena za iwo eni, kenako n'kukaonekera pamaso pa gulu lofunsa mafunso.

Sabata yoyamba, werengani za eni ndalamawo

Chinthu choyamba kuwerenga si buku ayi, ndi tsamba la sikolashipu yomweyo, lonse, kuphatikizapo timalemba tating'ono tam'munsi tija timene aliyense amadumpha. Muyambe ndi gawo lonena za amene ali oyenera kupempha. Chevening mwachitsanzo ndi ya boma la Britain, ndi ya masitazi ya chaka chimodzi, imafuna munthu amene ali kale ndi digiri komanso wagwirapo ntchito maola 2,800, zomwe ndi ngati zaka ziwiri, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Mwana wongomaliza folomu 4 akathera bandulo yake pamenepo ndiye kuti wangotaya ndalama. Iye ayang'ane zina monga za Mastercard Foundation, zimene zimadzera ku mayunivesite osiyanasiyana ndipo yunivesite iliyonse imakhala ndi fomu yake ndi tsiku lake lotsekera.

Mukatsimikiza kuti ndinu oyenera, koperani mafunso a eseyiwo pamanja, m'kope, liwu ndi liwu. Osajambula ndi foni n'kusiya, lembani ndi cholembera, chifukwa polemba m'pamene diso limagwira mawu amene linawadumpha. Kenako dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense. Funso likati fotokozani nthawi imene munatsogolera anzanu, likufuna tsiku lenileni, anthu enieni, vuto lenileni ndi chimene inu munachita. Silikufuna tanthauzo la utsogoleri. Mtsikana uja poyamba anayankha funso lotere ndi ndime yonse yolongosola kuti mtsogoleri wabwino amakhala wotani, osatchula ngakhale kamodzi kuti iye ndi amene anasonkhanitsa atsikana anzake asanu kuti aziwerengera limodzi madzulo kunyumba ya amalume ake komwe kunali sola. Nkhani inalipo, koma funso sanaliwerenge.

Lembaninso malire a kutalika kwake. Eseyi yaikulu ya pa Common App, imene mayunivesite ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, sipitirira mawu 650. Ya UCAS, yopemphera malo ku mayunivesite a ku Britain, amawerenga zilembo osati mawu, ndi 4,000 kuphatikizapo mipata. Zinthuzi zimasintha, choncho nambala yodalirika ndi imene yalembedwa pa fomu yanu chaka chimenecho. Malirewa muwadziwe musanayambe kuwerenga zina, chifukwa ndi amene akuuzeni kuti simukufunika mabuku khumi. M'mawu 650 mumalowa nkhani imodzi basi.

Sabata yachiwiri, werengani kosiyo

Apa mpamene ambiri amachita ulesi ndipo ofunsa amawagwira msanga. Tsegulani tsamba la dipatimenti imene mukufuna kukalowa, osati tsamba loyamba la yunivesite lodzaza zithunzi za nyumba zokongola. Pezani mndandanda wa maphunziro a chaka choyamba mpaka chomaliza. Sankhanipo awiri okha amene akukukokani, mulembe m'kope dzina lake ndi chiganizo chimodzi cha mawu anuanu chonena zimene amaphunzitsamo. Ngati simukumvetsa dzina la phunzirolo ndiye mwapeza chowerenga cha tsiku limenelo.

Mtsikana wathu anasankha phunziro la kawerengedwe ka nsomba m'nyanja, kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti nsomba zatsala zochuluka bwanji pomwe sangaziwerenge imodziimodzi, ndi lina la kasamalidwe ka nsomba zikachoka m'madzi. Ndinamuuzanso kuti awerenge za makosi ofanana nawo a kuno kwathu, ku LUANAR ku Bunda, ku Mzuni, ngakhale koleji ya zausodzi ya ku Mpwepwe yomwe ili m'boma lathu lomwe lino. Chifukwa chake n'chakuti funso loti bwanji osangophunzira kwanu konko limabwera kawirikawiri, ndipo mwana amene akuoneka kuti sakudziwa n'komwe kuti kwawo kuli maphunziro otere amaoneka ngati akungofuna ndege. Yankho labwino silinyoza sukulu za kwathu. Limanena chinthu chimodzi chenicheni chimene chili m'kosi yakunjayo chimene iye akuchifuna, n'kunena kuti akabwera nacho adzagwira ntchito ndi ndani kuno.

Funso limodzi

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo. Musanawerenge lipoti lililonse sankhani funso limodzi la kwanu limene muziliwerengera. Ndimaliyesa ndi zinthu zitatu. Kodi vutolo mutha kuliona ndi maso mutangoyenda wapansi kuchoka pakhomo panu? Kodi likukhudzana ndi kosi mukupemphayo? Ndipo kodi likuyamba ndi chifukwa chani kapena bwanji, osati kungokhala mutu?

Mtsikana uja atabwera anati akufuna kulemba za umphawi ku Malawi. Ndinamufunsa kuti umphawi uti, wa ndani, unauona kuti. Anati wa asodzi. Ndinati asodzi ake ati, a ku Nkhata Bay? Anaseka nati ayi a kwathu ku Malombe. Ndiye ndinati chawavuta n'chani a ku Malombe. Anakhala chete pang'ono kenako anati agogo anga aamuna amati kale ankagwira chambo mpaka bwato kufuna kumira koma ine chibadwire ndimangoona kambuzi. Ndinamuuza kuti lemba chimenecho. Funso lake linakhala lakuti, chifukwa chani chambo chinatha mu Malombe, ndipo bwanji sichikubwerera ngakhale nyanja imatsekedwa chaka ndi chaka?

Onani kusiyana kwake. Mutu wa umphawi ungakuwerengetseni zaka zisanu osafika pamapeto, ndipo wina aliyense wochokera dziko lililonse atha kuulemba. Funso la chambo cha mu Malombe lili ndi malire, lili ndi anthu oti n'kukawafunsa, ndipo pagulu la ofunsa palibe amene angalidziwe kuchokera pakhonde la kwawo ngati iye. Ngati inu mukufuna unamwino kapena udokotala funso lanu litha kukhala la likodzo kwa ana osambira kunyanja. Ngati ndi uphunzitsi, litha kukhala loti bwanji anyamata am'mbali mwa nyanja amasiyira sukulu panjira n'kupita kokakoka makoka. Koma limodzi, osati onse.

Sabata yachitatu ndi yachinayi, zolemba zitatu zokha

Funso likapezeka mufunika zolemba zitatu. Chimodzi cholongosola chinthucho mmene chimakhalira, chimodzi cha mbiri ya vutolo pamalo anuwo, chimodzi chonena zimene boma likuti lichita. Pofufuza pa foni lembani mawu ochepa a Chingelezi ndipo muuze Google kuti ikupatseni mafayilo a PDF okha, chonchi:

```
chambo decline Lake Malombe filetype:pdf
```

Mawu omalizawo amachotsa masamba ambiri a nkhani zachidule n'kusiya malipoti enieni. Mutha kulembanso mawu omwewo mu Google Scholar popanda mbali yomalizayo. Mukapeza fayilo isungeni mu foni nthawi yomweyo netiweki ikadalipo, kuti muziwerenga opanda bandulo, ndipo ngati muli ndi kangachepe pitani pa boma mukapulintitse masamba ofunikira okha, osati lipoti lonse la masamba 80.

Lipoti siliwerengedwa ngati buku la nthano kuyambira tsamba loyamba. Yambani ndi kuona amene analemba ndi chaka. Kenako chidule chakumayambiriro. Kenako dumphani mpaka kumapeto kumene akunena zimene apeza. Mukatero bwererani pakati muyang'ane matebulo ndi zojambula, muwerenge mutu wa tebulo ndi zaka zake musanayang'ane manambala. Pokhapokha mukaona kuti lipotilo likuyankha funso lanu m'pamene muwerenge gawo limodzi kapena awiri mofatsa. Pakakhala liwu lovuta limene likubwera kangapo, limenelo lifufuzeni. Lobwera kamodzi lisiyeni.

Kope lanu ligaweni chonchi, tsamba lililonse mizere itatu. Mzere woyamba, zimene wanena, m'mawu anga, fayilo nditatseka. Mzere wachiwiri, wanena ndani ndipo chaka chanji. Mzere wachitatu, zimene ndinaona kwathu zogwirizana kapena zotsutsana nazo. Kutseka fayilo kuja n'kofunika kwambiri. Ngati simungathe kunena mfundoyo mutatseka, m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa mng'ono wanu wa sitandade 8 iye n'kumva, ndiye kuti simunaimvetse, mwangoiona. Bwererani.

Ndikuonetseni zimene zinalowa m'kope la mtsikana uja. Pa cholemba choyamba anapeza kuti chambo si nsomba imodzi koma mitundu ingapo yofanana ya gulu lotchedwa Oreochromis, kuti yaimuna imakonza chisa pamchenga pansi pa madzi, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titakula pang'ono, kenako imakatisiya kosaya kumene kuli udzu wam'madzi. Pa mzere wachitatu analemba kuti anaonapo chambo chogwidwa chikulavula tiana m'bwato koma sankadziwa kuti n'chifukwa chake. Kuchokera pamenepo anamvetsa yekha, ine osamuuza, kuti ukagwira mayi mmodzi nthawi yoswana wapha banja lonse, ndipo khoka likamakwekwereza pansi limaphwasula zisa ndi kuzula udzu wobisalamo tiana.

Pa cholemba chachiwiri anapeza mbiri. Malombe ndi nyanja yosaya imene madzi ake amachokera ku nyanja ya Malawi kudzera mu mtsinje wa Shire, womwewu timaoloka pa mlatho pa boma. Chambo chinagwa kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha ndi makoka a kambuzi atachuluka, ogwira ndi kasawala yemwe, chambo chaching'ono chisanaswane. Mu 1993 boma linayambitsa ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire njira yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja, ndipo makomiti a m'madoko aja timawatchula kuti ma BVC anayambira kumeneko. Lamulo la zausodzi limene linapereka mphamvu pa kayendetsedwe kotere ndi la 1997. Anapezanso kuti mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Pa mzere wachitatu analemba funso, makomiti alipo kuyambira ine ndisanabadwe, nanga bwanji chambo sichinabwerere?

Chachitatu chinali masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Sanawerenge onse ayi. Anangodziwa nsanamira zake zitatu, ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni, n'kufufuza mufayilomo pamene patchulidwa nsomba. Zinamutengera madzulo amodzi. Cholemba chonga ichi ntchito yake ndi yoti mudziwe pamene funso lanu likulowa m'mapulani a dziko, si choti muloweze n'kumakachilakatula.

Kafunseni anthu

Mzere wachitatu uja sudzadza ndi kuwerenga kokha. Ndinamutuma kuti akakhale pansi ndi mayi ake, ndi agogo ake, ndi mkulu mmodzi wa mu komiti ya padoko, awafunse funso lomwe lija. Ndinamuuza apite ndi ulemu wake wonse, agwade monga amachitira masiku onse, ayankhule Chiyao ngati ndi chimene mkuluyo amamasuka nacho, ndipo asapite ngati wodzaphunzitsa. Anabwera ndi zinthu zimene m'malipoti aja sanazipeze. Mkuluyo anamuuza kuti mwanangu, lamulo tonse timalidziwa, koma nyanja amatseka miyezi yomwe chimanga chatha m'nkhokwe ndipo feteleza akufunika, mnyamata wokoka khoka amene amalipidwa tsiku lomwelo ndimuuze kuti adye chani, komanso amene ndikamulande ukondeyo ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake anamuuza zina, kuti mvula ikagwa masiku awiri otsatizana kambuzi wa pathandala amanunkha, amagulitsa motchipa kapena kutaya kumene, ndiye kuti abweze ndalama ija amayenera kukagulanso wambiri, ndipo asodzi nawo amalowanso m'madzi.

Apa ndi pamene mwanayu anapeza maganizo akeake, akuti mwina njira imodzi yochepetsera kukakamira nyanja ndi kuchepetsa nsomba zowonongeka kumtunda, kuti ndalama yomweyo izichokera m'nsomba zochepa. Sindikunena kuti limeneli ndiye yankho la Malombe. Koma ndi ganizo loti analipeza pophatikiza zowerenga ndi zakwawo, ndipo linalumikizana ndendende ndi phunziro lachiwiri lija anasankha m'kosi.

Sabata yachisanu, kulemba

Eseyi yake yoyamba, imene anabwera nayo tsiku loyamba lija, inayamba ndi mawu akuti Malawi ndi dziko losauka lopanda gombe la nyanja yamchere ndipo kuyambira ndili mwana ndakhala ndikulakalaka kuthandiza dziko langa. Owerenga amalandira mazana a ma eseyi oyamba chonchi. Yachiwiri inayamba ndi m'mawa wina mvula itagwa usiku wonse, iye ndi mayi ake akutembenuza kambuzi pathandala n'kumasankha wowola kuponya mu beseni lapadera, mayi ake osayankhula kanthu, iye n'kudziwa kuti fizi ya teremu imeneyo ili mu beseni lapaderalo. Kenako inabwerera kwa agogo ndi chambo chawo, n'kunena zimene anawerenga, n'kunena zimene mkulu wa komiti anamuuza, n'kumaliza ndi maphunziro awiri aja ndi chimene akufuna kudzachita nawo.

Pa zonse zimene anawerenga, mu eseyimo munalowa mfundo ziwiri zokha, ya chambo kusunga ana m'kamwa ndi ya makomiti a 1993. Zinamuwawa kusiya zinazo, anati aphunzitsi nanga zonse ndawerengazi zipita kuti? Ndinamuuza kuti zidikire intavyu. Eseyi ndi yonena za inu, zowerengazo ntchito yake ndi kuonetsa kuti vuto la kwanu simunangolilira koma munalitsatira. Mukaona kuti ndime ziwiri zadutsa osatchula chimene inu munachita, munaona kapena munaganiza, ndiye kuti mwayamba kulemba lipoti.

Chenjezo limodzi. Musawerenge ma eseyi a anthu ena amene anapambana musanalembe yanu. Amazungulira kwambiri m'magulu a WhatsApp ndipo mawu ake amakakamira m'mutu, mumapezeka mwalemba chiganizo cha mwini wake osadziwa, pomwe mabungwe ambiri amafufuza ngati zolembazo zakopedwa. Ngakhale asakugwireni pamenepo adzakugwirani pakamwa, chifukwa Chingelezi cha papepala chikakhala cha pulofesa koma cha pa intavyu n'kukhala china, amadziwa. Pachifukwa chomwechi wokuthandizani akuuzeni pamene sipakumveka, asakulembereni. Mukamaliza werengani mokweza mutaimirira. Pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wathera pakati, chiganizocho n'chachitali kapena si chanu, chiduleni.

Sabata yomaliza, pakamwa

Tsopano kope lija lisanduke mayankho. Pezani munthu wamkulu amene mumamuopako pang'ono, aphunzitsi, a sheikh kapena abusa odziwa Chingelezi, achimwene amene anapitako ku koleji, osati mnzanu woseka naye. Mupatseni eseyi yanu ndipo ntchito yake ikhale imodzi, pa yankho lililonse afunse kuti chifukwa chani, katatu motsatizana. Ine ndi mtsikana uja zinkayenda chonchi. Chambo chinatheranji? Maukonde a maso ang'ono. Nanga asodzi amawagwiritsiranji ntchito pomwe akudziwa? Chifukwa nsomba zazikulu zitachepa zotsala ndi zazing'ono, ukonde wa maso akulu umabwera wopanda kanthu. Nanga komiti siiwaletsa bwanji? Apa tsiku loyamba anakakamira, tsiku lachitatu anayankha ndi mawu a mkulu uja. Woloweza amagwa pa funso lachiwiri. Pamene mwagwera m'pamene mukawerengenso usiku umenewo, osati kuyamba mutu wina watsopano.

Mayankho musawalembe onse n'kuloweza, amamveka ngati ndakatulo ndipo akakudulani pakati mumasowa poyambira. Lembani mawu atatu anayi okukumbutsani pa funso lililonse, yankho likhale la mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo dzijambuleni mawu pa foni mumvetsere. Mumva nokha pamene mukuthamanga ndi pamene mukumeza mawu. Komanso ana athu ambiri anazolowera kuyang'ana pansi poyankhula ndi akulu, umene ndi ulemu kwathu kuno, koma pa intavyu yesetsani kudzutsa nkhope ndi kukweza mawu, ndipo zimenezi zimafuna kuyeserera masiku angapo, sizibwera zokha tsiku lomwelo.

Pa manambala samalani. Tchulani nambala yokhayo imene mukudziwa mwini wake ndi chaka chake, n'chifukwa chake mzere wachiwiri uja ulipo. Kunena kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi ndi bwino, chifukwa akakufunsani kuti mwazitenga kuti muli ndi yankho. Nambala yongomva pa wailesi osakumbuka ananena ndani isiyeni, nenani ndi mawu kuti zinachepa kwambiri. Ndipo akakufunsani chimene simunawerenge nenani poyera kuti chimenecho sindinachiwerenge, kenako nenani chimene mukudziwa choyandikana nacho. Kupeka ndi kumene kumagwetsa, chifukwa pagulupo pamatha kukhala katswiri wa nkhani yomweyo.

Nyuzipepala ndi wailesi zili ndi malo ake koma ochepa. Masabata awiri omaliza tsatirani nkhani zokhudza gawo lanu lokha, kuti ngati kwatuluka lamulo latsopano kapena nyanja yatsekedwa musakhale omaliza kumva. Usiku womaliza musatsegule fayilo yatsopano. Werengani eseyi yanu kawiri, chifukwa mafunso ambiri amachokera mmenemo ndipo nthawi zina pamakhala patapita miyezi chiilembereni, werengani mafunso munakopera sabata yoyamba aja, ndi mizere yachitatu yonse ya m'kope. Ngati intavyu ndi ya pa intaneti kayeseni malowo dzulo lake nthawi yofanana ndi imene mwapatsidwa, muone ngati netiweki imagwira ndi ngati phokoso la njinga zamoto silikulowa, mutsimikizenso kuti ola analembalo ndi la kwawo kapena la kuno, foni ikhale yodzaza moto ndipo pakhale ina yobwereka pambali.

Mtsikana uja anachitira intavyu yake mu ofesi ina yobwereka pa boma, mazenera otseka ngakhale kunali kotentha, kope lili pambali losatsegula. Atatuluka anandiimbira n'kundiuza kuti za Malawi 2063 sanamufunse n'komwe. Mayi wina pagulupo anagwira chiganizo chimodzi cha mu eseyi, cha mkulu wa komiti amene amayenera kulanda ukonde wa mwana wa mlongo wake, n'kumufunsa kuti iwe utakhala mkuluyo ungatani. Anati anayankha kuti ukondewo angalande, koma asanatero angafune kudziwa kuti mnyamatayo adya chani miyezi yotsekayo, kenako analongosola za kambuzi wowola pathandala ndi chifukwa chake akufuna phunziro la kasamalidwe ka nsomba. Mayiyo anamufunsanso mafunso ena awiri pa nkhani yomweyo mpaka nthawi inatha.